Masekondi Asanu ndi Limodzi a Weston Mumba

A Zephaniah Njobvu anabadwira ku Petauke m'chaka cha dzombe, ndipo anafika ku Kabwe pa sitima yapamtunda ali ndi zaka makumi awiri, tauniyo ikutchedwabe Broken Hill. Anayesa kumgodi, anawabweza chifukwa cha chifuwa. Kenaka anapeza malo pa fakitale ya zida zaulimi imene anthu ankangoitcha kuti ku Makasu, chifukwa inkasula makasu, nkhwangwa ndi mapulawo a ng'ombe. Popeza ankadziwa kulemba, anawaika pachipata kukhala kalaliki wa nthawi. M'mawa uliwonse antchito ankalowetsa makhadi awo m'wotchi yaikulu, wotchiyo n'kudinda ola ndi mphindi, a Njobvu ali chiimire pambali.

Ankakhala ku Makandanyama, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndi kamunda ka chimanga kuseri. Lamlungu ankawerenga Mawu ku mpingo wa Reformed, ndipo kumeneko n'kumene mawu awo anatchukira. Anali mawu akuya, osathamanga. Akamaliza chiganizo ankaima, kudikira kuti afike kwa azimayi okhala kumbuyo kwenikweni, kenaka n'kupitiriza. Pamaliro a anthu a kum'mawa, ndiwo ankapatsidwa pepala la mbiri ya malemu.

M'chaka cha 1988 akuluakulu a fakitale anaganiza zopanga vidiyo yoonetsa ntchito yawo, kuti akaionetse kwa atsogoleri a mabungwe a alimi amene ankagula zida zambiri pakamodzi. Anthu ojambula anabwera kuchokera ku Lusaka m'mwezi wa Juni, m'chisanu, antchito akuwothera dzuwa kukhoma asanalowe. Anajambula masiku atatu, anapita. Vidiyo ya Chingerezi inatuluka, ya mphindi zisanu ndi ziwiri. Koma ogula ambiri anali a ku Petauke, Katete ndi Chipata, ndipo a Fabian Chisanga, amene ankayang'anira zolengeza za kampani, anati pafunika ina ya Chinyanja. Zithunzi zikhala zomwezo. Asintha mawu okha. Wowerenga sanamufunefune kutali: anasankha a Njobvu.

Pakati pa kujambulako ndi kuwerengako panagwa maliro. M'mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi la kumgodi, a Weston Mumba anadwala sabata ziwiri n'kumwalira. Anali wosula wamkulu pa fakitalepo, wa kwa Mfumu Nyamphande ku Petauke, ndipo iwo ndi a Njobvu ankatchulana kuti achimwene ngakhale sanali amimba imodzi. Anaikidwa ku Kabwe komweko. Abale a kumudzi sanathe kufika, uthenga unawapeza maliro atatha.

Mkazi wa malemuyo, a Eness, anamva kuti amuna awo akuoneka m'vidiyo. Tsiku lina anayenda kuchokera ku Makululu kudzawapeza a Njobvu pachipata.

"Alamu, akuti ndinu mudzalankhulemo."

"Atero, alamu."

"Ndipo akuti ipita mpaka ku Petauke."

"Ipita."

A Eness anakonza mpango wawo wakuda. "Chithunzi chawo ndilibe, koma cha pachitupa. Kumudzi akuti a Weston anachona, anafera m'tauni ngati munthu wopanda kwawo. Mukafika pankhope yawo, muwatchule dzina ndi kwawo. Anthu aone kuti sanatayike."

A Njobvu anavomera pomwepo. Madzulo ake anakapempha kwa a Chisanga, amene anakanda kumutu n'kunena m'Chinyanja chawo cha m'tauni: "Ba Njobvu, ine nilibe vuto. Koma zithunzi anadula kale, sitingawonjezeko. Ngati dzina ikwana, ikani. Ngati siikwana, tichotsa. Na zaka zamene anasewenza mutchule, ogula adziwe ati tili na anthu odziwa ntchito."

Anawapatsa mapepala anayi a Chingerezi kuti awatembenuze. A Njobvu anagwira ntchitoyo sabata yathunthu, pansi pa mtengo wa mango, maluwa ake akuyoyokera papepala. Pomwe Chingerezi chinali chouma, anachithirira. Pa ndime ya chipala, pamene amasulira zitsulo, analemba chonchi:

"Mvula yoyamba ikagwa, dothi likanunkhira, mlimi amakumbukira khasu lake. Khasu limenelo limabadwira pamoto uwu. Mwezi uliwonse timasula makasu zikwi zitatu ndi mapulawo mazana awiri."

Ndipo m'munsi mwake anaika mawu a mnzawo, monga momwe akanawanenera pamanda:

"Awa ndi malemu Bambo Weston Mumba, mwana wa a Zacheus Mumba, a kwa Mfumu Nyamphande, amene anagwira ntchito muno mokhulupirika zaka makumi awiri. Mzimu wawo uuse mumtendere."

Sanali munthu wosasamala. Atamaliza, anaima pansi pa wotchi ya pachipata, antchito onse ataweruka, n'kuwerenga mapepala onse mokweza. Wotchiyo inalibe muvi wa masekondi. Anayamba muvi wautali uli pa thwelofu, anamaliza utangodutsa mphindi yachisanu ndi chimodzi. Vidiyo inali ya mphindi zisanu ndi ziwiri. Anapita kunyumba mtima uli m'malo, akuti mphindi yathunthu yatsalako.

Tsiku lojambula mawu linali Lachinayi, pakati pa Okutobala. Nyenje zinayamba kulira dzuwa lisanakwere. Kuchokera ku Lusaka kunabwera mayi mmodzi, a Phyllis Mweemba, amene analumikiza zithunzi za vidiyoyo. Anabwera ndi makina awiri olemera, wailesi yakanema yaing'ono, maikolofoni, ndi matepi aakulu ngati mabuku a nyimbo. Anasankha chipinda cha misonkhano, n'kupachika mabulangete m'mawindo kuti mawu asamabwerere kuchokera kukhoma. Fani anaizimitsa, chifukwa maikolofoni inkaimva.

Vuto lina linali nyundo. Nyundo yaikulu ya m'chipala ikamenya, ngakhale makapu a m'kabati ankalira. Inkaima nthawi ya chakudya chamasana yokha, kuyambira hafu pasiti thwelofu mpaka thuu koloko. Galimoto ya a Phyllis inayenera kubwerera tsiku lomwelo, chifukwa makinawo ankafunika kwina m'mawa mwake.

"Tili na ola imodzi na hafu, ba tate," anatero a Phyllis. "Onani apa pansi pa chithunzi, manambala aya amene athamanga. Aya ni mamineti, aya ni masekondi. Aya othamangitsitsa asiyeni, ni anga. Patepi pali njira ziwiri za mawu: ina ili na phokoso ya fakitale na nyimbo, ina ni yanu. Nikatsitsa dzanja, muyamba."

A Njobvu anavala jekete lawo la Lamlungu ngakhale kunkatentha. Anaimika mapepala patsogolo, anatsokomola kamodzi. Dzanja linatsika.

Ndime zoyamba zinayenda bwino, chifukwa zithunzi za chipata, za maofesi ndi za malole zinali zazitali, mawu ake ochepa. Ndime iliyonse a Phyllis ankaiyambitsa ndi dzanja. Pena ankapukusa mutu pang'ono, koma sanaimitse. Sitima inalira kusiteshoni, anabwereza ndime imodzi. Kenaka anafika pachipala. A Njobvu sanayang'ane kanema. Maso anali papepala, monga kuguwa. Ananena za mvula yoyamba, anaima. Ananena za moto, anaima. Atafika pa dzina la mnzawo, mawu anatsika okha.

A Phyllis anaimitsa tepi. "Tiyeni timvere."

Nthawi imeneyo pakhomo panali pataima a Anderson Sakala, wosula amene anatenga malo a malemu, bambo wa ana anayi. Anabwera ndi chikho cha tiyi m'manja kudzaona ngati nkhope yawo ikuonekadi. A Chisanga anawakodola kuti alowe mwakachetechete.

Pakanema panaoneka ng'anjo, mawu akunena za mvula. Panaoneka manja atagwira chitsulo chofiira ndi mbaniro, mawu akunena za moto. Panaoneka nkhope ya a Weston, thukuta lili pamphumi, akuyang'ana pansi pa ntchito yawo, mawu akuwerenga makasu ndi mapulawo. Nkhopeyo inachoka. Panabwera a Anderson, akumwetulira, nyundo ili paphewa. Ndipo mawu akuya aja anati: "Awa ndi malemu Bambo..."

"Iyai!" Tiyi anatayikira pansi. "Amalume, mwandipha!"

Tepi inapitirira. Dzina la a Zacheus ndi la Nyamphande zinagwera pa bwana wamkulu wa fakitale atakhala muofesi, pakamwa pake pakuyenda, ndipo "mzimu wawo uuse mumtendere" anamveka pamwamba pa mawu a bwanayo.

A Chisanga anagwira pakamwa. "Mwapha awiri, ba Njobvu. Uyu wachiwiri akamva, tonse tiyenda."

"Musaseke, bwana," anatero a Anderson. "Amayi anga akhala pafupi ndi depoti ya alimi ya ku Petauke. Chilichonse chobwera pamenepo amakaona, ngakhale sikelo yatsopano. Akamva kuti malemu, nkhope ili yanga, dzina sadzalidikira. Adzagwa pomwepo. Ndikamadzafika kumudzi ndidzapeza atameta kale."

A Njobvu anavula magalasi. "Koma ndinayesa pawotchi. Zonse zinakwana, mphindi n'kutsalako."

"Mphindi yotsalayo si yanu, ba tate," anatero a Phyllis. "Muli abwana akamba, muli nyimbo yoyambira na yothera. Ndipo olo ikanakhala yanu, simungainyamule kuchoka uko kubweretsa kuno. Chithunzi chilichonse chili na nthawi yake." Anatenga pepala lawo n'kuwaonetsa. "Ng'anjo iyamba pa folo mineti na masekondi teni, ikhala seveni. Manja, faifi. Ba Mumba, sikisi. Ba Sakala, sikisi. Pamodzi twente-folo, ndiye abwana ayamba kukamba. Imwe mwawerenga pafupifupi fote."

"Simungaikokeko pang'ono nkhope yawoyo?"

"Apa ningasinthe mawu chabe. Kuti nitalikitse chithunzi chimodzi, nifunika kudulanso zonse zobwera pambuyo, ku Lusaka, masiku awiri. Ndipo wojambula anawagwira masekondi eyiti chabe, awiri othera kamera inagwedezeka."

A Chisanga anayang'ana wotchi yawo yapamkono. Inali itangodutsa wani koloko. "Tinapangana, ba Njobvu. Ngati siikwana, tichotsa. Mukambe chabe ati tili na amisiri odziwa ntchito, monga mwa Chizungu."

"Ndiyesenso. Ndifulumira."

Anayesa. Anathamanga monga sanathamangirepo chibadwire, mawu akupunthwana, mpweya ukuwathera. Dzina linafika nkhope ya a Weston itatsala ndi masekondi atatu, ndipo "Mumba" anathera pamalire. Zotsala zonse zinagwera pa a Anderson.

"Manje mumveka monga kondakitala wa basi ya ku Kapiri," anatero a Chisanga.

"Ndipo ine ndakhala mwana wa a Zacheus," anatero a Anderson. "Bambo anga amva bwanji?"

A Phyllis sanaseke. Anakokera mpando pafupi ndi a Njobvu. "Kuthamanga sikuthandiza. Ku Chizungu timawerenga mawu, awiri na hafu pa sekondi. Koma mawu anu ni aatali, liwu imodzi ingadye sekondi yonse. Tiyeni tiwerenge maphatikizo, monga ku sukulu. Ma-ka-su, atatu. Namvera mawu anu: mukamba anayi pa sekondi, mukakakamiza asanu. Ndipo chithunzi chikasintha, musiye kamphindi diso ifike, mutsirize chisanachoke. Pa nkhope ya ba Mumba muli na malo ya maphatikizo twente. Osapitirira."

A Njobvu anatenga pensulo n'kuyamba kugogoda patebulo, phatikizo lililonse kugogoda kamodzi. Mawu a mnzawo anapitirira makumi asanu. Ndime ya mvula ndi makasu inapitirira makumi asanu ndi awiri, pamalo oyenera makumi anayi ndi mphambu zochepa.

Anayamba kufufuta. "Mokhulupirika" anachoka. "Mzimu wawo uuse mumtendere" anachoka, pensulo itaima kaye pamwamba pake. "Bambo" anachoka. Pa dzina la a Zacheus anakhala nthawi yaitali, chifukwa munthu satchulidwa pamaliro ngati anangomera yekha; koma analikhwatcha. Panatsala dzina, kwawo, ndi zaka. Anagogodanso. Maphatikizo makumi atatu.

"Chimodzi chichoke," anatero a Phyllis. "Mudzi kapena zaka."

"Zaka zikhale," anatero a Chisanga. "Iyi ni vidiyo ya kampani, si maliro. Wogula afuna kudziwa ngati pulawo inapangidwa na munthu wodziwa. Nyamphande imuthandiza chani?"

"Ndinalonjeza kwawo," anatero a Njobvu.

"Munalonjeza imwe, osati kampani."

M'chipindamo munatentha ngati m'chipala momwe. Thukuta linadutsa jekete. Kunja nyenje zinkalira mosalekeza, ndipo nthawi inali itatsala mphindi makumi atatu ndi zisanu.

"Mayi, ndionetseninso malowo," anatero a Njobvu. "Popanda mawu anga."

Aka kanali koyamba kuti aiyang'ane vidiyoyo osati pepala. Ng'anjo inayaka. Kenaka manja aja, pafupi kwambiri, opanda nkhope, akutembenuza chitsulo.

"Imitsani."

Chithunzi chinaima, chikunjenjemera pang'ono.

"Manja awa ndi a Weston."

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa a Chisanga. "Manja ni manja."

"Onani chala chaching'ono cha kumanzere. Sichipinda. Chinathyoka chaka chimene tinasamukira m'shedi yatsopano. Khadi ankaligwira ndi zala zinayi, ichi chitaloza kumwamba. Ndaliona dzanja limeneli likulowetsa khadi m'wotchi m'mawa uliwonse."

A Anderson anasendera pafupi ndi kanema. "Ndi awo. Nayo mbaniro yawo, ya chogwirira chokulungidwa waya. Sankabwereketsa munthu."

A Phyllis anatsegula buku la wojambula, momwe munalembedwa chithunzi chilichonse ndi tepi yake. Anatsata ndi chala. "Tepi yachitatu. Manja, wosula wamkulu. Chotsatira, nkhope, munthu mmodzimodzi." Anakweza mutu. "Ndiye ba Mumba alibe sikisi. Ali na leveni."

"Zaka zipite pamanja," anatero a Njobvu. "Dzina ndi kwawo pankhope."

"Nanga manambala anga?" anafunsa a Chisanga. "Makasu na mapulawo?"

"Apite pang'anjo."

"Pang'anjo pali mvula yanu, ba tate," anatero a Phyllis.

A Njobvu anayang'ana mzere uja. Pa mapepala onse anayi, ndiwo anaukonda. Anaulemba akukumbukira fungo la munda wa amayi awo, ndipo anali atawawerengera akazi awo kawiri. Anaukhwatcha ndi mzere umodzi wowongoka. Anakhwatchanso za khasu lobadwira pamoto, poti motowo aliyense ankauona yekha. Kuseri kwa pepala analemba mizere inayi, n'kugogoda uliwonse ndi pensulo: makumi awiri ndi asanu, khumi ndi asanu ndi limodzi, khumi ndi asanu ndi awiri, khumi ndi anayi. Pambali pa mzere uliwonse a Phyllis analemba sekondi yoyambira.

"Nidzatsitsa dzanja pa mzere uliwonse," anatero. "Mukatsiriza msanga, khalani chete. Chete si mlandu."

Ulendo woyamba a Njobvu anachedwa kuyamba mzere wachitatu, chifukwa nkhope ija itaoneka anaiyang'ana m'malo moyang'ana dzanja. Ulendo wachiwiri pepala linakhuza maikolofoni. A Phyllis anawalanda pepalalo. "Mizere inayi chabe, mwaisunga kale pamtima." Anabweza tepi mpaka pa malole, pomwe panali kachete koyambirapo. Inali itatsala mphindi makumi awiri, ndipo ndime ziwiri zomaliza zinali zisanajambulidwe.

Ng'anjo inayaka. Dzanja linatsika.

"Pamwezi timasula makasu zikwi zitatu, mapulawo mazana awiri."

Manja. Dzanja linatsika.

"Manja awa anasula zaka makumi awiri."

Nkhope. A Njobvu anakoka mpweya, dzanja linatsika.

"Ndi a malemu a Weston Mumba, a kwa Nyamphande."

Anatseka pakamwa. Nkhope inakhalabe sekondi yathunthu, kukumveka nyundo ya a Weston yokha kuchokera panjira ina ya tepi. Kenaka a Anderson ndi kumwetulira kwawo.

"Ophunzira awo akusula mpaka lero."

Panapita masekondi awiri, bwana wamkulu n'kuyamba kulankhula muofesi yake, palibe womudula.

A Phyllis anabweza tepi, onse anamvera mpaka bwanayo atamaliza chiganizo chake.

"Ndili moyo," anatero a Anderson. "Koma wophunzira, amalume? Ndili ndi ana anayi."

"Ukufuna ubwerere kukhala malemu?"

"Iyai, wophunzira ali bwino."

A Chisanga anatenga pepala lija, analiwerenga, analibweza. "Zaka zilipo, manambala alipo. Tiyeni, nthawi."

Ndime ziwiri zomaliza anazidula asanaziwerenge. A Njobvu ankagogoda, a Phyllis ankatchula masekondi, ndipo mawu okwana theka anagwa. Anajambula yomaliza kutatsala mphindi zitatu. Akupinda waya wa maikolofoni, nyundo yaikulu inayamba, makapu a m'kabati n'kulira.

Matepi aang'ono ooneretsa anabwera kuchokera ku Lusaka patapita sabata zitatu, masuku atayamba kugulitsidwa m'mbali mwa msewu. Asanawatumize kum'mawa, a Chisanga anaika kanema m'kantini kuti antchito aone. A Njobvu anatuma uthenga ku Makululu, ndipo a Eness anabwera, nakhala pabenchi lakutsogolo, manja ali pamiyendo. Antchito ankakuwa aliyense akaona mnzake. Pofika pachipala phokoso linatha lokha.

Vidiyo itatha, anthu anatuluka kubwerera kuntchito. A Eness sanadzuke. A Njobvu anakhala kumapeto kwa benchi lomwelo.

"Ndi pamenepo pokha, alamu?"

"Ndi pamenepo. Ndi manja aja."

"Manja ndinawadziwa musananene." A Eness anatembenukira kwa a Njobvu. "Dzina la apongozi simunatchule."

"Malo analibe, alamu. Ndinalilemba, ndinalichotsa ndekha. Mundikhululukire."

A Eness anapempha a Chisanga kuti abweze pamalo paja. Anabweza. A Eness anaonera atasendera kutsogolo, milomo ikutsatira mawu. Atapempha kachitatu, a Chisanga anawaonetsa batani lobwezera, n'kupita kuofesi.

Pomaliza anadzuka, namanga chitenje chawo.

"Nyamphande mwatchula," anatero. "Kumeneko bambo awo akuwadziwa."